Denga la Mlongo Wanga

Ndine wowotcherera zitsulo. Ndimapanga mageti, mafelemu a zitseko, zotchinga mawindo ndi mbaula. Ndimagwirira m'mbali mwa msewu ku Matero, koma ndimagona ku George, m'nyumba imene bambo athu anasiya. Sukulu ndinalekera giredi seveni. Kulankhula sindikonda. Izi ndalemba chifukwa abale anga akufalitsa kuti ndine chilombo, kuti ndinagwetsa bizinesi ya mlongo wanga popanda chifukwa. Chifukwa chilipo. Chili kukhutu lamanzere la mkazi wanga.

Mkazi wanga ndi wachialubino. Takhala limodzi zaka zoposa makumi awiri. Tili ndi mwana mmodzi wamkazi, wakuda ngati ine, ndipo anakwatiwa ku Kabwe. Tsiku limene ndinabweretsa mkazi wanga pakhomo koyamba, mlongo wanga wamng'ono anakoka bulauzi yake n'kulavulira pachifuwa. Ankati amatero kuti asadzabereke wotere. Ndinaona. Ndinamulekerera. Anali mtsikana, ndinati adzakula.

Ine dzuwa limangondidetsa. Mkazi wanga limamuphika. Kupsa kumeneko ndimakudziwa pang'ono. Ndili wophunzira ntchito ndinawotcherera tsiku lathunthu nditavala malaya a manja aafupi. Moto sunandikhudze, koma kuwala kwake kokha kunandisenda mikono ngati mbatata yowiritsa. Iye zimenezo zimamuchitikira akangoyenda kupita kumsika wopanda chodziteteza.

Nchifukwa chake ali ndi malamulo ake. Chipewa cha mlomo waukulu, chophimba makutu ndi khosi. Magalasi akuda. Malaya a manja aatali ndi siketi yofika kumapazi, kaya kutenthe bwanji. Tikapita kogula salaula, zovala za kaunjika, ntchito yanga ndi kukweza malaya m'mwamba n'kuyang'ana dzuwa kudzera m'nsalu. Kuwala kukapyola kwambiri, tisiya. Ntchitoyi ndi yanga chifukwa maso ake saona bwino. Zinthu zazing'ono amachita kuzibweretsa pamphuno penipeni.

Ndiye pali mafuta oteteza khungu ku dzuwa. Ndi oyera, olimba ngati phala la mwana, ndipo pabotolo pamalembedwa 50. Amawalandira kuchipatala chachikulu m'tauni pa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, tsiku lomwe amapimidwa khungu thupi lonse. Amadzola m'mawa asanatuluke. Kumaso, milomo, makutu, kuseri kwa khosi, pamwamba pa manja ndi mapazi. Foni yake imalira pakapita maola awiri aliwonse kuti adzolenso, chifukwa thukuta limawachotsa. Amadzola ngakhale kuli mitambo. Zaka zonsezi sindinamuonepo akudumphitsa.

Amagulitsa matimati, anyezi ndi impwa pathebulo la matabwa kunja kwa msika, m'mbali mwa msewu. Pamwamba pake panali ambulera imodzi yong'ambika mbali. Ndilembe izi poyera. Ine ndamangira anthu madenga Lusaka yonse. Mkazi wanga anakhala pansi pa ambulera yong'ambika. Ndinkati ndidzamanga mwezi wamawa.

Ukwati wa mlongo wanga unatha ku Chawama. Anabwera ndi zikwama ziwiri ndi beseni. Nyumba ndi ya bambo athu, kotero nayenso ndi yake. Anatenga chipinda chakuseri. Amadziwa kuluka tsitsi. Mkazi wanga ndiye anandiuza kuti, "Mumangireni mlamu wanga kantemba kolukiramo tsitsi, asamangokhala. Munthu wongokhala amadwala maganizo." Ndinamanga, pafupi ndi geti la msika womwewo. Zitsulo zinali zanga, malata asanu ndi limodzi atsopano, shelefu, benchi. Iye anapachika galasi ndi zithunzi za tsitsi, n'kuyamba kugulitsanso mafuta oyeretsa khungu, aja amene akazi ena amadzola kuti ayere.

Mvula itatha chaka chimenecho, mkazi wanga anayamba kubwera kunyumba ali wofiira. Masaya ndi khosi psuu ngati nyama ya pabutchala. Tsiku lina m'mawa akudzola anaima, n'kununkhiza chikhatho chake.

"Abambo, mafuta awa akununkhira maluwa. Ndiponso ndi amadzimadzi."

Mlongo wanga anali pakhomo akutsuka mano. Analavula, n'kunena, "Ba mulamu, makampani basintha vinthu masiku onse. Zolani chabe."

Ndinatenga botolo. Linali lomwelo, 50 ali pomwepo. Ndinati, "Botolo ndi lomweli. Dzolani, mwachedwa." Nkhani ndinaithetsa ndine.

Kunabwera Juni ndi mphepo yake. Mkazi wanga ankapsabe. Milomo inang'ambika. Khosi linkasenda, likapola n'kusendanso. Usiku nsalu ikamukhudza ankadzidzimuka. Botolo loyamba linatha, anatsegula lachiwiri lochokera m'kabati ya pabalaza, nalonso la maluwa. Ine ndinayamba kumukalipira.

"Kumsika kuja mumadzola kapena mumangocheza?"

Anatenga botolo, n'kudzola pamaso panga, ambiri, mpaka kumaso kunanyezimira. Kenako anavala chipewa n'kupita. Ankakhulupirira botolo lija. Ankakhala pathebulo masana onse poganiza kuti wavala chishango, pamene anali wamaliseche pamaso pa dzuwa.

Mu Ogasiti ndinaona magazi papilo. Pamwamba pa khutu lamanzere panali kankhanambo kakang'ono ngati njere ya mapira. Kankagwa, n'kutuluka magazi, n'kubweranso. Sikankapola. Iye anati tipite kuchipatala. Ine ndinati ndi udzudzu, ndiponso tsiku lathu lopimitsa lili pafupi, mu Seputembala, tidikire. Ndinali ndi geti la munthu loti ndimalize. Tinadikira milungu isanu.

Kuchipatala tinapeza nesi amene amatidziwa, mayi wamkulu thupi, wosaseka. Anamuvula chipewa mkazi wanga, n'kuyatsa nyali, n'kutenga galasi lokulitsa zinthu. Anayendetsa chala pakhosi ndi pamanja.

"Ba tata, bwerani. Gwirani apa."

Ndinagwira. Panali pokhakhala ngati sandipepa.

"Utu tumamera dzuwa likawononga khungu. Tukasiyidwa, twina tumasanduka khansa. Nthawi yatha ija kunalibe twambiri chonchi. Chachitika n'chiyani?"

Anabweretsa chinthu chonga fulasiki ya tiyi, chotulutsa utsi wozizira koopsa. Anapopera pamalo pokhakhala paja, pamodzipamodzi. Mkazi wanga analuma mano. Nesi anati padzatuluka matuza, kenako padzagwa pokha. Atafika pakhutu anaima. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Ichi chayamba liti?"

"Milungu isanu yapitayo," anatero mkazi wanga.

"Chilonda chikatha milungu itatu osapola, simudikira tsiku lolembedwa pakhadi. Mumabwera. Ndani anati mudikire?"

Mkazi wanga anayang'ana pansi. Ine ndinati, "Ndine."

Anaitana dokotala. Dokotala anabaya jakisoni pakhutu, n'kudula kachidutswa kuti akakapime. Anati tibwerenso pakatha milungu itatu. Titatsala ndi nesi, iye anati, "Amai, ndionetseni mmene mumadzolera." Mkazi wanga anatulutsa botolo m'chikwama n'kufinyira pachikhatho. Nesi anagwira dzanja lija. Ananunkhiza. Anatsegula kabati, n'kutenga botolo latsopano, n'kufinyira pambali pake. Atsopanowo anaima chilili, oyera. A m'botolo lathu anayenderera m'zala.

"Awa si mafuta athu. Iyi ndi loshoni wamba ya pamsika. Siitchinga dzuwa ngakhale pang'ono. Ndani amagwira mabotolo anu kunyumba?"

Nesi anapukuta chikhatho chija, n'kufunsanso.

"Mwadzola izi kwa nthawi yaitali bwanji?"

"Chichokereni mvula," anatero mkazi wanga.

Nesi anakhala pampando. Anati ndimve bwino. Anati chilonda chotere sichibadwa ndi miyezi isanu yokha. Dzuwa limaunjikana m'khungu kuyambira paubwana, chaka ndi chaka. Koma miyezi imeneyi, ya munthu wokhala panja tsiku lonse wopanda mafuta, inali ngati kuthira parafini pamakala. Ndinamva zonse. Zimene ndinasunga ndi za parafini.

Tinabwerera pa minibasi. Kondakitala ankakuwa za Lilanda ndi George. Titatsika, mkazi wanga anakonza chipewa kuti chisakhudze bandeji, n'kunena, "Ndinakuuzani kuti akununkhira maluwa." Basi. Sanabwerezenso mpaka lero.

M'nyumba mwathu timakhala anthu atatu. Sindine wophunzira, koma kuwerenga mpaka pa atatu ndimatha. Komabe ndinalibe umboni, ndipo sindinkamvetsa kuti munthu wakuda angawafunirenji mafuta amenewo. Mabotolo atsopano ndinawatsekera m'bokosi langa la zida, la loko. M'mawa uliwonse ndinkatulutsa limodzi, mkazi wanga n'kuliika m'chikwama chimene amamanga m'chiuno.

Patapita milungu iwiri kunabwera mayi wina kuntchito kwanga. Anavala wigi yofiirira. Kumaso kunali koyererako, zala zakuda.

"Ba welda, ndimwe balongo bake ba uja wa saluni ya pa geti?"

"Ndine."

"Nabwera pali mafuta ya ba madamu banu. Yaja ya ku chipatala, yoyeretsa. Ku saluni yasila. Ati mwayakhomera mu bokosi. Manje nati niyende kwa bene bake, mwina munganigulitseko mutengo wabwino."

Ndinazimitsa makina. Ndinakweza chigoba cha kumaso.

"Oyeretsa?"

"Ee. Si ndiye yamene bazola ba madamu kuti bankhale bazungu? Balongo banu ati onani mulamu wanga, olo ankhale pa zuba tsiku lonse sakuda. Ati ni ya boma, yamphamvu, siyapezeka mu shopu." Anatulutsa kabotolo kakang'ono kamene kale munali mafuta a tsitsi. "Koma ine miyezi itatu nizola, nikali chabe so. Kumaso kuchita mbuu monga nagwa mu unga. Ati yafuna kupirira."

Ndinatenga kabotolo kaja. Munatsala pang'ono pansi. Oyera, olimba. Fungo ndinalidziwa. Ndi fungo la mkazi wanga m'mawa uliwonse kwa zaka zambiri.

"Mafuta awa sayeretsa munthu," ndinatero. "Amatchinga dzuwa. Mkazi wanga anabadwa choncho."

"Nanga ine ndalama zanga?"

"Kabotolo aka ndisiyireni. Muzimva."

Tsiku limenelo sindinawotchererenso. Ndinakhala pa thayala mpaka dzuwa linapendeka. Ndinaona zonse mmene zinkayendera. Ife tikachoka m'mawa, mlongo wanga ankatsegula kabati. Ankakhuthulira mafuta m'timabotolo take. M'botolo la mlamu wake ankathiramo loshoni yotchipa, n'kutseka bwinobwino, n'kubweza. Ankadziwa kuti mwini wake saona bwino. Ankadziwa kuti mlongo wake ndi chitsiru chowerenga nambala pabotolo. Madzulo ankamuona mlamu wake akubwera atapsa, n'kunena kuti, "Iyee ba mulamu, zuba ya chaka chino!" Kenako ankadya ndiwo zimene wopsayo waphika.

Sindinamufunse. Ndinafika kunyumba, anandipatsa moni, ndinayankha. Mkazi wanga ndinamuuza tili awiri. Iye anati, "Musamumenye. Mudzamangidwa." Ndinati sindimumenya.

Ndinaganiza zambiri masiku amenewo, ndipo sindibisa. Kuntchito ndili ndi asidi wa mabatire. Tsiku lina mlongo wanga ali kusaluni ndinalowa m'chipinda chake. Loshoni yake yodzola inali pawindo. Ndinaigwira m'manja. Ndinati naye amve mmene khungu limapsera. Ndinaima pamenepo mpaka thukuta linatsika m'msana. Ndinaibweza. Si chifundo ayi. Ndinaganiza kuti ndikapita kundende, ndani adzamuyang'ane mkazi wanga kumsana, kumene iye sangadzione.

Zotsatira zinatuluka. Khansa ya pakhungu. Dokotala anati yapezeka isanalowe mkati, koma ayenera kudula msanga. Kumayambiriro kwa Okutobala anadula. Anachotsa nsonga ya khutu, kukula kwake ngati chala changa chachikulu, n'kusoka. Khutu linatsala ngati mbale yobenthuka. Anati tizibwera pa miyezi itatu iliyonse tsopano, chifukwa yemwe yamugwirapo kamodzi ikhoza kumeranso pena. Anati kuyambira teni koloko mpaka sikisitini, folo koloko madzulo, mayiyu asakhale padzuwa. Akhale pamthunzi weniweni, osati wa ambulera yong'ambika. Mafuta, chipewa ndi malaya apitirize ngakhale ali pamthunzi.

Ndinamuuza mkazi wanga kuti asiye msika.

"Ndisiye ndidye chiyani? Mageti anu amabwera mwezi uno, mwezi wamawa kulibe. Ndikachoka milungu iwiri, pamalo paja wina aikapo thebulo lake. Bandeji ikachoka ndikubwerera."

Ndimamudziwa. Akanena watero. Tsono panafunika denga, ndipo linafunika bandeji isanachoke. Ndinagona chagada kuganiza kumene ndingapeze malata. Kenako ndinakumbukira kuti malata ndili nawo kale. Asanu ndi limodzi.

Ndinasankha Loweruka, chifukwa ndilo tsiku limene saluni imadzaza. Ndinasankha ileveni koloko. Okutobala wa mu Lusaka aliyense amamudziwa. Fumbi limatentha kumapazi, agalu amabisala pansi pa magalimoto. Malaiti anali atapita kuyambira m'mawa, kotero galainda ndinaisiya. Ndinatenga sowo yodulira zitsulo, sipanala, makwerero ndi wilibala.

M'kantemba munali akazi anayi. Mmodzi anali pampando, theka la mutu lolukidwa, theka lili nyankhalala. Ankakonzekera kichini pate, phwando la mkwatibwi, ya masana omwewo. Mlongo wanga ataona makwerero anaseka.

"Alongo, mwabwera kukonza paja podontha? Mvula ikali kutali."

Ndinaimika makwerero. Ndinakwera. Malata aja ndinawamanga ndekha ndi mabawuti a ngowe, ndipo ndinkadziwa pamene lililonse lili. Ndinamasula manati a lata loyamba. Ndinalikoka, n'kulitsitsira pansi. Dzuwa linagwera mkati ngati madzi otentha, pamutu pa wolukidwa uja.

"Imwe! N'chani ichi?" anakuwa mayiyo.

Mlongo wanga anatuluka, chipeso chili m'manja. "Alongo, muchita chani? Nili na makasitoma!"

Ndinamasula lachiwiri.

"Mwapenga? Selukani! Bantu imwe, bwerani muone!"

Anthu anabwera. Ogulitsa makala, a matimati, oyendetsa mawilibala, mpaka amene ankamwa chibuku kuseri kwa msika. Wina anakuwa kuti, "Ba welda, mwayamba kukolola malata mvula isanagwe?" Anthu anaseka. Ine ndinatsitsa lachitatu. Lata linali lotentha moti linandiwotcha kudzera m'magolovesi. Akazi atatu anathawira pamthunzi wa shopu yoyandikana. Wa theka la mutu anafunda thaulo n'kukhalabe, akutukwana.

Tcheyamani wa msika anafika akupukuta thukuta. Ndi bambo wachikulire, timadziwana.

"Mwana wanga, tsika tikambe. Sitichita chonchi pamsika."

"Malata awa anagula ndani, atcheya?"

"Unagula ndiwe. Tonse tinaona ukumanga."

"Ndiye ndikutenga zanga."

"Koma walakwa chiyani mlongo wako?"

Ndinatsika. Ndinapisa m'thumba la ovolosi. Ndinaika zinthu ziwiri pabenchi, pamaso pa onse: botolo lolembedwa 50, ndi kabotolo ka mayi wa wigi uja.

"Ili ndi botolo la mkazi wanga. Mkati muli loshoni wamba. Mafuta ake enieni ali umu. Uyu ankaba n'kumagulitsa kuti ndi oyeretsa. Mkazi wanga wadzola zabodza miyezi isanu. Amudula khutu. Khansa."

Sindinalankhulepo mawu ambiri chotero pagulu chibadwire. Mayi wina wogulitsa kapenta, amene thebulo lake layandikana ndi la mkazi wanga, anagwira pakamwa.

Mlongo wanga anayang'ana uku ndi uku. "Ni mafuta chabe! Bapatsiwa mahala ku chipatala! Nenze kuikamo yena, sininabasiye bopanda chozola. Mafuta ni mafuta!"

"Unkamuona akupsa," ndinatero.

"Nenze kuziba bwanji kuti ni mafuta? Bantu baja bapsa kale na kale!" Anayamba kulira. "Munanimangira kantemba kopanda katundu. Nenze kufuna kudya naine. Manje muzanichititsa manyazi ine, mwazi wanu, chifukwa cha chidangwaleza?"

Mawu onyozera achialubino amenewo anawatulutsa yekha. Sindinamukakamize. Mayi wa kapenta anavula patapata, anthu anachita kumugwira. Wa theka la mutu anachotsa thaulo, n'kuyang'anitsitsa kabotolo kaja.

"Aka si kamene unanigulitsa ine? Unati nizayera pa kichini pate!"

"Naine ninagula tubili," anatero wina kumbuyo.

Ndinawasiya akambirane okha. Ndinakweranso. Lachinayi, lachisanu, lachisanu ndi chimodzi. Kenako ndinatenga sowo n'kuyamba kudula zitsulo zopingasa zimene malata ankagonapo, kuti asadzaikepo ena mosavuta. Ndi galainda ndi ntchito ya mphindi zochepa. Ndi sowo ya manja inanditengera maola awiri. Sindinafulumire. Dzuwa linandiphika msana, thukuta linalowa m'maso, ndipo ndinakondwa kuti malaiti kulibe. Pansi panga mlongo wanga ankatola mawigi ndi mabotolo ake, amene anayamba kufewa ndi kutentha. Galasi lake linkaponya dzuwa m'maso mwa anthu. Nditamaliza panatsala mizati inayi yoloza kumwamba. Imeneyo ndinamusiyira.

Ndinamanga malata pawilibala. Kuchokera pageti kufika pathebulo la mkazi wanga ndi mayadi ochepa. Ndinawatula pomwepo, mlongo wanga akuona.

Lolemba malaiti anabwera. Ndinawotcherera felemu kuntchito, n'kuibweretsa zidutswazidutswa. Denga ndinalitulutsa kutsogolo kuti mthunzi ufike mpaka pamene amaima popatsa kasitoma. Mbali ya kumadzulo ndinatseka ndi matabwa mpaka pansi, chifukwa dzuwa la masana limalowera m'mbali. Kum'mawa ndinapachika tenti yokhuthala yoti azitsitsa ndi kukweza. Ndinamaliza Lachitatu.

Bandeji itachoka ndinapita naye. Anavala chipewa chatsopano cha mlomo wolimba. Analowa pansi pa denga, n'kugwira mzati, n'kuyang'ana m'mwamba. Ndinkadikira kuti anene kuti zikomo.

"Malata awa ndi aja?"

"Ndi aja."

"Ndinamva. Msika wonse wandiuza." Anayala thumba pathebulo n'kuyamba kupanga milu ya matimati. "Zaka makumi awiri, abambo. Munadikira khutu."

Foni yake inalira. Anatulutsa botolo m'chiuno, n'kufinyira pachikhatho, n'kununkhiza kaye. Mpaka lero amayamba wanunkhiza. Anadzola kumaso, khosi, khutu lathunthu, kenako lobenthuka lija, pang'onopang'ono.

Lamlungu lotsatira amalume anabwera kuchokera ku Chilenje atavala jekete. Ndi achimwene a malemu mayi athu, ndipo nkhani za banja zimathera kwa iwo. Mlongo wanga ndiye anakawaitana. Tinakhala pabalaza. Mlongo wangayo anakhala pansi pafupi ndi chitseko, maso otupa.

Amalume analankhula nthawi yaitali. Anati mwanayu walakwa, ndipo walakwa kwambiri. Anamuuza agwade apepese kwa mlamu wake. Anagwada. Mkazi wanga anati, "Ndamva." Sananene kuti wakhululuka. Kenako amalume anatembenukira kwa ine.

"Iwe mphwanga, nkhani ya m'nyumba sitiitengera kumsika. Wamuvula mlongo wako pagulu. Makasitoma amuthawa. Chibale ndi fupa, sichiola. Wapepesa, tsono mubwezere denga."

"Amalume, mwaliona khutu?"

"Ndaliona."

"Lionaninso."

Mkazi wanga anatembenuza mutu. Amalume anayang'ana, kenako anayang'ana nsapato zawo.

"Dokotala akuti matenda aja anayamba kale," anatero mlongo wanga chapansipansi. "Si ine neka."

"Si iwe wekha," ndinatero. "Dzuwa lilipo. Ine ndilipo, amene ndinati ndi udzudzu. Dzuwa sindingalifike. Ine ndilipira tsiku lililonse ndikamuyang'ana. Iwe walipira malata asanu ndi limodzi. Watchipiridwa."

Amalume anamwa tiyi wawo n'kunyamuka. Pageti anandigwira mkono n'kufunsa kuti tsono mkwiyowu udzatha liti. Ndinawauza. Ndi yankho limenelo limene abale akuyenda nalo ponena kuti ndine chilombo.

Mlongo wanga akadali m'chipinda chakuseri. Sindingamuthamangitse, nyumba ndi ya bambo athu. Amaphika payekha. Pamizati ija anamangapo masaka ndi pulasitiki yakuda. Mphepo imang'amba, mvula imalowa. Anapita kwa owotcherera awiri a ku George kuti amuikire denga. Onse ndi anzanga, ndipo onse anamuuza kuti ali ndi ntchito yambiri. Sindinawatume. Sindinawaletsenso. Ndikamapita kuntchito ndimadutsa pageti la msika ngakhale njira yachidule ilipo. Ndimayang'ana masaka aja. Ndimapitirira.

Lamlungu loyamba la mwezi uliwonse, tikabwera kutchalitchi, mkazi wanga amakhala pampando pafupi ndi windo. Ndimasamba m'manja. Ndimayamba m'mutu, kupatula tsitsi. Kuseri kwa makutu, khosi, mapewa, msana, mikono, pakati pa zala, miyendo. Zala zanga ndi zokhakhala ndi zitsulo, ndiye ndimagwiritsa ntchito kuseri kwa dzanja, mmene nesi anandiphunzitsira. Ndikapeza pokhakhala, kapena kachilonda, kapena kotupa kamene mwezi watha kunalibe, m'mawa mwake timakwera minibasi. Sitidikira tsiku la pakhadi. Geti la munthu limadikira. Kawiri tapita choncho, ndipo kawiri konse anapopera utsi wozizira uja n'kutibweza. Kukhutu sikunamerenso kanthu.

Mwezi watha ndikumuyang'ana kumsana, mvula inali kugwa. Tinamva mlongo wanga akulowa kuseri, akukamula zovala. Mkazi wanga anati, "Wanyowa. Katundu wake yense wanyowa." Ndinapitiriza kuyang'ana msana. Anati, "Kuntchito kwanu kuli malata awiri akale." Ndinati alipo, ndi a khola la nkhuku. Tilibe nkhuku. Iye akudziwa.

Kenako anandifunsa funso lomwe amalume anafunsa pageti. Ndinamaliza msana, ndinafika kukhutu lamanzere, ndinayendetsa chala pamene anasoka. Ndinamupatsa yankho lomwe lija. Khutu likadzamera, ndidzabweza denga.